Chithunzi cha agogo a ku Natal: yambani ndi khadi, nkhope ibwere pambuyo

Nyumba zambiri za ku Durban North si zakale monga zimaonekera. Dera limeneli, kutsidya kwa mtsinje wa Umgeni, linayamba kugawidwa mapuloti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Komabe m'masutikesi a m'nyumbazo mumatuluka zithunzi zofiirira zomatidwa pa makhadi olimba, zina zojambulidwa pa chitsulo, zomwe zinayamba kuona dzuwa nyumbazo zisanalotedwe n'komwe. Kwathunso ziliko, chifukwa amuna amene ankapita ku Joni ndi ku Natal ankabwerera ndi jekete, chipewa ndi chithunzi. Kuseri nthawi zambiri kulibe deti. Achibale amangoti "ndi chakalekale," ndipo mkangano wa kuti munthuyo ndi agogo kapena bambo a agogo suthera pomwepo.

Osunga zithunzi m'nyumba za mbiri yakale sathamangira nkhope. Amayamba afunsa kuti chithunzicho chili pa chiyani. Njira iliyonse yojambulira inali ndi chaka chimene inayamba, choncho mtundu wa chithunzi umakuuzani motsimikiza kuti sichingakhale chakale kuposa chaka chakuti. Kumene anthu ambiri amaphonya ndi mbali inayo: mtunduwo sukuuzani motsimikiza kuti njirayo inatha liti.

Tintaipi ndiye mboni yake. Ichi ndi chithunzi cha pa kachitsulo kopyapyala kopakidwa utoto wakuda, ndipo Hamilton Smith wa ku Ohio analembetsa njirayi mu 1856. Kuchizindikira n'kosavuta: ikani maginito kuseri, agwira. Chimaoneka chotuwa modera, chopanda poyera penipeni, ndipo chinatembenuka ngati mukudziyang'ana pagalasi, moti zilembo zimawerengeka chobwerera ndipo mabatani a jekete amakhala mbali yolakwika. Koma maginitowo akagwira musafulumire kulengeza kuti ndi cha m'ma 1860. Njirayi inali yotchipa ndiponso yachangu, choncho ojambula oyendayenda m'misewu ndi m'mbali mwa nyanja anaikakamira mpaka m'ma 1930. Tintaipi ya payokha, yopanda kabokosi kapena chikutiro cha pepala, imakusiyani ndi zaka pafupifupi 80 zoti musankhepo.

Zithunzi za papepala zimayankhula zambiri. Tiyerekeze kuti muli ndi chimodzi: mwamuna wovala suti, dzanja lili pampando, chithunzicho chamatidwa pa khadi yofiira moderako yokhala ndi zilembo zagolide ndi dzina la situdiyo ya ku Durban. Pabanja amati ndi cha nthawi ya nkhondo ya Angelezi ndi Azulu, 1879.

Tengani rula. Khadi ikakhala pafupifupi masentimita 6.5 m'lifupi ndi 10 m'litali, ndiyo khadi ya vizite, imene André Disdéri analembetsa ku Paris mu 1854 ndipo inafala kwambiri m'ma 1860. Ikakhala pafupifupi masentimita 11 ndi 16.5, ndiyo khadi ya kabineti, yomwe inayamba kutchuka mu 1866 n'kuyamba kuzilala 1900 itadutsa. Yathuyi ndi ya kabineti, choncho 1879 ikadali m'bwalo.

Tsopano khadiyo payokha. Makhadi oyambirira anali opyapyala, oyera kapena otuwa, a ngodya zosongoka, ndipo dzina la wojambula linkalembedwa mwaulemu, pang'ono chabe. Ngodya zozungulira zinafala cha m'ma 1870. Makhadi ochindikala a mitundu yodera, ofiira, obiriwira kapena akuda, okhala ndi m'mphepete mosemedwa mwagolide ndi kuseri kodzaza maluwa ndi mamendulo, ndi a m'ma 1880 kupita m'tsogolo. Apa nkhani ya 1879 yayamba kutsimphina.

Chimene chimagamula ndi pepala la chithunzicho, ndipo apa m'pofunika galasi lokuzira zinthu, lokuza kakhumi kapena kuposa. Kuyambira m'ma 1850 mpaka cha m'ma 1890 zithunzi zambiri zinkatsukidwa pa pepala la alubumeni, njira imene Louis Blanquart-Evrard anaulula mu 1850. Ankatenga choyera cha mazira, n'kuthiramo mchere, n'kupaka pa pepala lopyapyala kwambiri, kenako n'kuliyandamitsa pa mankhwala a siliva. Dziralo likauma limakoka pepala n'kulipiringiza, n'chifukwa chake zithunzi zimenezi zinkamatidwa pa khadi. Zizindikiro zake ndi zitatu zimene diso lingathe kuona: malo oyera, monga kolala ya shati, amasanduka achikasu, pamwamba pamakhala timing'alu tosawerengeka, ndipo mukayang'ana pamalo oyerawo ndi galasi, ulusi wa pepala umaoneka pansi pa dziralo.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880 kunabwera mapepala a jelatini ndi kolodiyoni. Amenewa ankayamba apakidwa choyera china chotchedwa barita, chimene chimakwirira ulusi wonse. Ndiye ngati pa kolala ya agogo aja pali posalala, popanda ulusi kapena ming'alu, ndipo chithunzicho chikupendekera ku mtundu wa pepo, si alubumeni. Khadi yodera, zilembo zagolide, pepala lopanda ulusi: zonse zikuloza zaka za pakati pa 1888 ndi 1905 kapena chapafupi pamenepo. Munthuyo mwina ndi mwana wa amene banja limamutchula.

Dzina la situdiyo lingachepetsenso zakazo. Ku Durban kunali ojambula odziwika monga a Caney, a Kisch ndi J.E. Middlebrook, ndipo situdiyo zinkasamuka, kusintha eni ndi kusintha mayina. Mabuku a chaka ndi chaka a Natal Almanac ankalemba amalonda ndi malo awo, choncho adiresi ya kuseri kwa khadi mungathe kuilondola chaka ndi chaka. Malo oyenera kufunsa ndi Campbell Collections ya Yunivesite ya KwaZulu-Natal ku Berea, m'nyumba ya Muckleneuk, ndiponso nyumba ya mbiri ya Old Court House m'katikati mwa mzinda. Zooneka m'chithunzi nazonso zimaika malire. Soofie Saheb anafika ku Durban mu 1895 n'kukhazikitsa mzikiti wake ku Riverside, m'mbali mwa Umgeni; chithunzi chilichonse choonetsa malowo atamangidwa sichingakhale cha chaka chimenecho chisanafike, kaya pepala lachita chikasu bwanji.

Pali msampha umene umakola ngakhale ozolowera. Kuseri kwa makhadi ambiri ojambula ankalengeza kuti negetivu amasunga ndipo munthu angathe kuitanitsa zithunzi zina. Munthu akamwalira, achibale ankapita kukatsukitsa chithunzi chakale n'kuchimata pa khadi ya masiku amenewo, kapena wojambula ankajambula chithunzi chakalecho ndi kamera. Zikatero khadi ndi pepala zimanena za 1895 pamene nkhope ndi ya 1879, ndipo banja lija limakhala kuti silinaname. Mungathe kuzigwira poona ngati zovala zikutsutsana ndi khadi, kapena ngati m'kati mwa chithunzi mukuoneka m'mphepete, mikwingwirima kapena madontho a chithunzi china, zonse zosagwirika ndi chala.

Chikasu pachokha musachikhulupirire, makamaka ku Durban. Chinyontho ndi mpweya wa mchere wochokera kunyanja zimakalambitsa chithunzi msanga: alubumeni imafwifwa, jelatini imamera nkhungu n'kumatirira pagalasi la felemu, tintaipi imachita dzimbiri pamene inapindika. Musapukute ndi nsalu yonyowa, musamate ndi selotepi, ndipo musayese kumatula chithunzi pa khadi yake, poti khadiyo ndiyo yanyamula theka la umboni. Pochijambula ndi foni kuti mutumizire achibale kumudzi, jambulani kumaso, kuseri ndi m'mphepete, rula ali pambali pake.