Mayi Akayamba Kuiwala: Kalata Yopita Kuchipatala Ilembedwe Bwanji?

Munthu amene wayamba kudwala matenda oiwala nthawi zambiri saoneka wodwala akakhala pamaso pa achipatala. Amapereka moni mwaulemu, amayankha kuti ali bwino kupatula mawondo, ndipo kiliniko ofesa amene panja pakumudikira mzere wautali amamulembera panado. Mwana amene wamuperekeza amangoyang'ana pansi, chifukwa kwathu kuno mwana sanganene pamaso pa kholo lake kuti, "Amayi anasochera pochokera kutchalitchi." Kalata imathandiza pamenepa. Imanena zimene pakamwa pakulephera kunena, ndipo wachipatala amaiwerenga kholo lisanachite manyazi.

Pali chifukwa chinanso. Chithandizo cha m'zipatala za boma chimayenda mwa makwerero: chipatala chaching'ono chimatumiza wodwala ku chipatala cha boma lake, ndipo icho chimamutumiza ku chimodzi mwa zipatala zazikulu zinayi, Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba Central ndi Mzuzu Central. Madokotala a matenda a ubongo ndi mitsempha ndi owerengeka kwambiri m'Malawi muno, choncho amene akulemba kalata yotumizira wodwala amafuna zifukwa zogwirika. Mawu akuti "akuiwalaiwala" okha sakwanira, poti wokalamba aliyense amaiwala dzina la mdzukulu nthawi zina.

Tiyerekeze mayi wa zaka 72 wa ku Ntcheu, amene moyo wake wonse wakhala akugulitsa tomato ndi anyezi, ndipo mwana wake wamkazi amagwira ntchito ku Lilongwe. Mwanayo akhoza kulemba motere:

"Achipatala, ndikulemba za mayi anga, a zaka 72, amene buku lawo la kuchipatala muli nalo m'manja. Kuiwala kunayamba pang'onopang'ono pafupifupi chaka ndi theka chapitacho, nthawi yokolola, ndipo kukukulirakulira. Poyamba ankabwereza funso limodzi kangapo pa tsiku. Tsopano sathanso kubweza chenje, ntchito imene aichita kwa zaka zoposa 30, moti tinawasiyitsa geni. Kawiri konse asiya mphika pamoto mpaka ndiwo kupserera, ndipo mwezi watha anasochera pochokera kutchalitchi, mtunda wa mphindi khumi. Amasamba ndi kuvala okha. Amadwala bipi ndi shuga, amamwa metifomini ndi mankhwala a bipi, koma masiku ena amadumphitsa. Usiku amamwanso amitiripitilini chifukwa cha kutentha kwa mapazi. Samwa mowa. Sanagwepo kapena kumenyetsa mutu. Ndikupempha kuti muwayeze kaganizidwe ndi magazi, ndipo ngati nkoyenera muwatumize kwa dokotala wa ubongo ndi mitsempha. Amakhala ndi mng'ono wanga, amene angayankhe mafunso anu. Iwo akudziwa kuti ndakulemberani."

Kalatayi ndi ya tsamba limodzi, ndipo chiganizo chilichonse chikuyankha funso limene dokotala akanafunsa. Lofunika koposa ndi la nthawi: zinayamba liti, ndipo zayenda bwanji? Kuiwala koyamba mwakachetechete n'kumakula chaka ndi chaka kumaloza ku matenda a Alzheimer, amene bungwe loona zaumoyo padziko lonse limati ndiwo amayambitsa pakati pa 60 ndi 70 mwa anthu 100 alionse odwala dimenshiya. Kuiwala kobwera modumphadumpha, munthu n'kutsika lero, kukhala chimodzimodzi miyezi ingapo, kenako n'kutsikanso, kumaloza ku timasitiroko ting'onoting'ono, makamaka kwa munthu wa bipi ndi shuga. Ngati simukukumbukira mwezi, tchulani nyengo kapena chochitika: nthawi yadzinja, kapena maliro a malume atangotha.

Nkhani ya chenje ndiyo yolemera m'kalata yonseyi. Dokotala amafuna kudziwa chimene munthu ankachita bwino kale koma lero chikumukanika, chifukwa pamenepo ndi pamene kuiwala kwa ukalamba kumasiyanirana ndi matenda. Izi zimafunika kwambiri kwa makolo amene sanapite patali ndi sukulu. Mafunso oyezera kaganizidwe, monga kutchula deti, kuchotsera manambala kapena kujambula wotchi, akhoza kugwetsa gogo wanzeru zake amene sanagwirepo cholembera. Nchifukwa chake ndi bwino kulembanso kalasi imene kholo linalekezera, komanso ngati likuvutika kumva kapena kuona.

Mndandanda wa mankhwala si wongodzazira pepala. Metifomini akamwedwa zaka zambiri amatha kuchepetsa vitamini B12 m'thupi, ndipo kuchepa kwa vitamini ameneyu kumabweretsa dzanzi m'mapazi pamodzi ndi kuiwala. Amitiripitilini, ngakhalenso piritoni amene ambiri amangogula pagolosale, amatha kusokoneza mutu wa wokalamba. Choncho kwa mayi wa ku Ntcheu uja, mwina mbali ina ya vuto ili m'kapepala ka mankhwala komwe kali pansi pa pilo. Musawasiyitse nokha mankhwalawo. Anyamuleni onse, ndi azitsamba omwe, mukawaonetse kuchipatala.

Ine ndimaona kuti mabanja ambiri amalakwitsa polimbikira sikani yokha, ngati kuti makinawo ndiwo achiritse. Zambiri zofunika zimayambira pafupi. Kuyeza kuchuluka kwa magazi, shuga, chindoko ndi kachilombo koyambitsa Edzi kumachitika pa chipatala cha boma, ndipo matenda awiri omalizawa amafika ku ubongo ngakhale kwa okalamba, koma ali ndi mankhwala. Chithokomiro chosagwira bwino ntchito chimafooketsanso maganizo, ngakhale kuti kuchiyeza, monganso B12, kungafune chipatala chachikulu kapena cholipira. Matenda okhumudwa, makamaka kwa amene wangoferedwa kumene, amafanana kwambiri ndi dimenshiya. Kalata yopempha kuyeza zonsezi poyamba imalandiridwa bwino kuposa yongolamula kuti "tikufuna sikani". Dziwaninso kuti mwina mutumizidwa kwa dokotala wa matenda a akuluakulu kapena wa matenda a maganizo. Kumeneko sikukutayani, ndipo sizitanthauza kuti kholo lanu lapenga. Nawonso amaona odwala dimenshiya.

Pali zina zimene zimafulumizitsa kutumizidwa, ndipo zikakhalapo zilembedwe kumayambiriro kwenikweni: kuiwala koyamba munthu asanakwanitse zaka 65, kutsika kwambiri m'miyezi yochepa, kukomoka ngati khunyu, kunjenjemera, kuyenda mokwakwaza mapazi pamodzi ndi kulephera kusunga mkodzo, kapena kusintha kumene kwatsatira kugwa. Wokalamba akamenyetsa mutu, magazi amatha kuundana pang'onopang'ono mkati mwa chigaza kwa milungu ingapo, ndipo opaleshoni imatha kumubwezeretsa mwakale. Koma ngati kholo linali bwinobwino dzana, lero silikuzindikira anthu, likuwodzera, latentha thupi, pakamwa papindika kapena mkono wafooka, musataye nthawi ndi kalata. Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa akhoza kukhala malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, kutsika kwa shuga kapena sitiroko.

Chinthu china chimene ambiri amachita nacho manyazi ndicho chitetezo cha wodwalayo. Gogo wopezeka pakhomo pa eni mbandakucha, osavala mokwanira, akuyankhula zosamveka, m'midzi yathu amatchedwa mfiti, ndipo okalamba aphedwapo chifukwa cha zimenezi. Ngati anthu ayamba kunong'ona, zilembeni m'kalatamo, ndipo pemphani achipatala alembe m'buku la wodwalayo dzina la vutolo, kuti mukaonetse amfumu ndi akuluakulu a mpingo.

Dimenshiya ya Alzheimer ilibe mankhwala ochiritsiratu. Amene alipo, monga donepezili, amangochepetsa zizindikiro kwa kanthawi, ndipo sapezeka paliponse. Komabe kusamala bipi ndi shuga, kusintha mankhwala osokoneza mutu ndi kuchiza zochizika kumathandiza kholo kudzisamalira lokha nthawi yotalikirapo. Jambulani kalatayo pafoni musanaipereke, ina muimatike m'buku la kuchipatala, ndipo pa tsiku lokaonana ndi dokotala apite nawo amene amagona nyumba imodzi ndi wodwalayo, chifukwa ndiye akudziwa zimene zimachitika usiku.