Chipata chimene chimatseguka ubongo ukamaphunzira

M'chaka cha 1966, mumzinda wa Oslo ku Norway, Terje Lømo ankatumiza timagetsi tochepa mu ubongo wa akalulu ogonekedwa ndi mankhwala. Ankalunjika pa mitsempha yolowa mu hipokampasi, kachigawo kopindika ka ubongo kamene munthu kakamuwonongekera amalephera kusunga zinthu zatsopano m'mutu. Akagunda mitsemphayo kamodzi, maselo a kutsogolo ankayankha pamlingo wake wa nthawi zonse. Koma akaigunda mothinana kwa masekondi ochepa, kenaka n'kubwereranso kukugunda kamodzikamodzi, yankho linkakula ndipo silinkatsika msanga. Lømo ndi Tim Bliss wa ku Britain anazamapo, ndipo mu 1973 analengeza kuti kukulako kumakhala kwa maola ambiri. Akatswiri amakutchula mwachidule kuti LTP, kutanthauza kulimba kokhalitsa kwa mgwirizano wa maselo a ubongo.

Anthu ankayembekezera chinthu chotere. Mu 1949, Donald Hebb wa ku Canada anali atalemba kuti selo ina ikamathandiza kawirikawiri kudzutsa inzake, mgwirizano wa awiriwo uyenera kulimba, ndipo kuphunzira kungakhale kumeneko. Vuto linali lakuti mgwirizanowo ungadziwe bwanji kuti maselo onse awiri adzuka nthawi imodzi, popeza ulibe maso kapena nzeru.

Maselo a ubongo sagundana. Pokumanira pawo, pamene amati sinapusi, pali kampata ka mananomita pafupifupi 20. Uthenga ukafika, selo yotumiza imalavulira m'kampatako mankhwala otchedwa gulutameti. Pakhungu la selo yolandira pali tizipata tamitundu iwiri tomwe gulutametiyo amamatirapo. Chipata cha AMPA n'chosavuta: gulutameti akangofika chimatseguka, sodiyamu amalowa, ndipo mphamvu ya magetsi m'kati mwa selo imakwera pang'ono. Uthenga wa tsiku ndi tsiku umadutsa pamenepa.

Chipata cha NMDA ndiye chili ndi makani. Gulutameti akhoza kumatirapo bwinobwino koma osadutsa kanthu, chifukwa pakamwa pake patsekedwa ndi magineziyamu, ngati chitsononkho pakamwa pa chigubu. Selo ikakhala phee, mphamvu ya m'kati mwake imakhala cha pa mamilivoti -70, ndipo mphamvu imeneyi imakokera magineziyamuyo m'bowo. Amachoka pokhapokha selo yolandirayo itadzutsidwa kale kwambiri, mphamvu ya m'kati itakwera. Magulu awiri a akatswiri, lina ku Paris lina ku America, anaonetsa zimenezi mu 1984. Choncho chipatachi chimafuna zinthu ziwiri nthawi imodzi: gulutameti, umboni wakuti wotumiza walankhula, ndi kuchoka kwa magineziyamu, umboni wakuti wolandira wadzuka. Chimodzi chokha sichikwanira. Zimene Hebb ankazilingalira pa pepala zinapezeka m'puloteni imodzi.

Chipatacho chikatseguka, kashiyamu amalowa. Iyeyu amadzutsa mapuloteni a m'kati, makamaka yotchedwa CaMKII, ndipo zotsatira zake n'zakuti tizipata tina ta AMPA timabweretsedwa pa sinapusiyo, tomwe tinalipo kale n'kuyamba kudutsa zambiri. Uthenga womwe uja ukabweranso, umapeza makomo ambiri, yankho n'kukula. Kuti kulimbako kupitirire maola angapo, selo imayenera kupanga mapuloteni atsopano. Mukailetsa ndi mankhwala, LTP imayamba bwino koma imazilala pakapita maola ochepa.

Masiku ano zambiri zimayesedwa pa kachidutswa ka hipokampasi ya khoswe, kopyapyala osafika theka la milimita, kosungidwa kamoyo m'madzi a mchere ndi shuga okhala ndi okosijeni. Wofufuza amagunda mitsempha mwa apo ndi apo kwa mphindi 20 kapena kuposa, mpaka ataona kuti yankho lakhazikika. Ndiyeno amatumiza kugunda 100 m'sekondi imodzi, n'kubwerera kukugunda kwa apo ndi apo, akuonerera kwa ola lathunthu. Apa munthu akhoza kudzinamiza. Kachidutswako kangakhale kakuchirabe ku ululu wa mpeni, kapena waya wojambulira wasuntha, yankho n'kumakwera lokha. N'chifukwa chake wofufuza wosamala amaika waya wachiwiri pa mtolo wina wa mitsempha yopita ku maselo omwewo, koma mtolowo saugunda mothinana. Ngati mitolo yonse iwiri yakwera, china chake chalakwika. Ngati wakwera umene unagundidwa wokha, imeneyo ndi LTP. Kusankha kumeneku n'kumene kumaichititsa kufanana ndi kuphunzira, poti munthu akaloweza njira ya kumsika saloweza nayo pamodzi njira zonse za m'tauni.

Mu 1983, Graham Collingridge ndi anzake anathira pa kachidutswa kotere mankhwala otseka chipata cha NMDA, otchedwa AP5. Uthenga wa nthawi zonse unkadutsa, koma LTP inakana kuyamba. Chochititsa chidwi n'chakuti mankhwalawa akathiridwa LTP itayamba kale, saichotsa. Chipatachi ndi cholembera, si chosungira. Kwathu kuno mankhwala otseka chipata chomwechi timawadziwa, ngakhale osati m'dzina limeneli: ketamini amene amagonekera odwala pa opaleshoni m'zipatala zambiri amalowa m'bowo la NMDA n'kulitseka.

Koma kachidutswa ka m'mbale sikaphunzira kanthu. Richard Morris, ku Scotland, ndiye anapita nalo funsoli kwa nyama yamoyo. Anali ndi dziwe lozungulira la madzi oyeretsedwa ndi mkaka, lokhala ndi kansanja kobisika pansi pa madzi pang'ono chabe. Khoswe akaponyedwamo amasambira uku ndi uku mpaka atakapeza, ndipo pakapita masiku ochepa amangolunjika, potsatira zimene akuona m'chipindamo. Mu 1986 Morris ndi anzake analowetsa AP5 mu ubongo wa makoswe ena. Atachotsa kansanja kaja, makoswe abwinobwino ankazungulirazungulira pamene kanali, pomwe opatsidwa mankhwala ankangosambira paliponse. Komabe makoswe omwe anapatsidwa mankhwalawa anatha kuphunzira kusiyanitsa nsanja ziwiri zooneka ndi maso, kusonyeza kuti sanali akhungu kapena oledzera chabe.

Nkhaniyi ikanathera apa ikanakoma, koma mu 1995 gulu la Morris lomwelo linaisokoneza. Linayamba laphunzitsa makoswe m'dziwe lina m'chipinda china, kenaka n'kuwapatsa AP5 ndi kuwaika m'dziwe latsopano. Anaphunzira malo atsopanowo pafupifupi ngati anzawo, chonsecho LTP inali yotsekedwa pamene anaiyeza. Mwina zimene mankhwalawa analepheretsa poyamba paja zinali kuphunzira kuti m'madzimo muli pothawira, osati malo ake okha. Mwinanso ubongo uli ndi njira zina, pakuti m'hipokampasi momwemo muli masinapusi ena amene amalimba popanda chipata cha NMDA. Ndiponso chipata chomwechi chimafooketsa: mukagunda pang'onopang'ono, kamodzi pa sekondi kwa mphindi 15, kashiyamu amalowa wochepa ndipo sinapusi imafooka. Wotseka NMDA watseka zonse ziwiri, ndiye sanganene motsimikiza kuti chalepheretsa kuphunzira ndi chiti.

Ine ndimakhulupirira kwambiri umboni wochokera mbali inayo, wosadalira mankhwala otseka. Mu 2006, gulu la Mark Bear ku America linaika mawaya angapo m'hipokampasi ya makoswe, n'kuwaphunzitsa kupewa chipinda chamdima chomwe munali kagetsi kolasa kumapazi. Ataphunzira, yankho linakula pa mawaya ena, ena ayi. Ndipo atayesa kuyambitsa LTP ndi magetsi, malo amene anali atalimba kale ndi phunzirolo sanalimbenso kwambiri ngati enawo. Phunziro linali litadya kale gawo la mpata umene LTP ikanagwiritsa ntchito.