Zimene galasi la magazi limaulula munthu akachepa magazi

ULONGWE — Munthu akapita kuchipatala cha Ulongwe ali wofooka, zikhato zitayera, nthawi zambiri amayezedwa zinthu ziwiri: malungo ndi hemogulobina. Hemogulobina imanena kukula kwa vuto la kuchepa kwa magazi, koma sinena chimene chikuwatha. Kuti adziwe chifukwa chake, dokotala amapempha kuti magaziwo apakidwe pa kagalasi kotchedwa lamina, tekiniko wa ku laboratoriyo aone maonekedwe a maselo ofiira pa mikirosikopiyo. Mitundu itatu ya maselo ndiyo imalozera kwambiri kumene matenda ali.

Momwe lamina imakonzedwera

Dontho lokhuthala lija loyezera malungo silithandiza pa ntchitoyi, chifukwa maselo ofiira amasungunuka pothira utoto. Pamafunika dontho laling'ono lomwe limakokedwa ndi galasi lina mpaka kupyapyala ngati lilime. Likauma amalithira metanolo kuti maselo asasinthe, kenako utoto wa Gimuza, womwenso amagwiritsa ntchito pa malungo. Tekiniko amawerenga chakufupi ndi kumchira, pamene maselo agundizana pang'ono koma osasanjikizana.

Selo yabwinobwino ndi yozungulira, yophwatalala, yolowa pakati mbali zonse ziwiri. Pakati pake pamaoneka potuwa, ndipo malo otuwawo ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a m'mimba mwa seloyo. Imakhala masiku pafupifupi 120, kenako kapamba amaichotsa. Diso la tekiniko limayamba ndi pakati potuwapo.

Selo ya dontho pakati

Selo yotchedwa kodosito imakhala ndi dontho lofiira pakati, mzere wotuwa kuzungulira, kenako mkombero wofiira, ngati diso la nkhuku. Imaoneka chonchi chifukwa kachikopa kake kakula kuposa zamkati, monga thumba lalikulu lokhala ndi chimanga chochepa.

Izi zimachitika m'njira ziwiri. Mwina zamkati zachepa, monga thupi likasowa fero, amene ena amati ayironi, kapena munthu akabadwa ndi talasemiya, vuto la kumtundu limene mtundu wake wopepuka ndi wofala m'maiko a Afirika. Apa maselo amakhala aang'ono. Mwinanso kachikopa kachuluka, monga chiwindi chikadwala kapena njira ya ndulu ikatsekeka, mafuta a kolesitero n'kumamatira pa maselo. Apa maselo sachepa msinkhu, ndipo kwa munthu wakumwa kachasu kwa zaka zambiri amakhala aakulu. Makina owerengera magazi amathandiza kusiyanitsa: kukula kwa selo kwa munthu wamkulu kumakhala pakati pa 80 ndi 100, ndipo kukatsika pansi pa 80 kumalozera ku njira yoyamba ija. Maselo otere amachulukanso mwa munthu amene kapamba wake anachotsedwa kapena anafota.

Selo yobulungira

Esiferosito ndi selo yaing'ono, yofiira kwambiri, yopanda potuwa pakati, yobulungira ngati njere ya nsawawa. Iyi yataya kachikopa, choncho zamkati zapanikizika. Selo yotere sipindika, imakodwa m'kapamba n'kusweka masiku ake asanakwane, ndipo maso a munthu amasanduka achikasu.

Kawirikawiri chimene chachitika n'chakuti chitetezo cha thupi chaika chizindikiro pa maselo ofiira ngati adani, kapamba n'kumawabenthula. Zimaoneka pa mwana wakhanda wa magazi a gulu A kapena B wobadwa kwa mayi wa gulu O, pa munthu amene walandira magazi osagwirizana ndi ake, komanso nthawi zina pa womwa metilidopa, mankhwala otsitsa kuthamanga kwa magazi. Kuyeza kotchedwa Kumbusi ndiko kumatsimikiza. Kukasonyeza kuti chitetezo sichikukhudzidwa, dokotala amafunsa ngati m'banjamo muli ena odwala chikasu kuyambira ubwana, chifukwa pali vuto lobadwa nalo la kachikopa kofooka. Kupsa ndi moto kwambiri kumabweretsanso maselo otere.

Selo yoduka

Esikisitosito ndi chibenthu cha selo, cha nsonga ziwiri kapena zitatu, ngati phale la mbiya yosweka. Selo yotere inabadwa bwino, koma yadulidwa m'njira. Timitsempha tating'ono tikavulala, mumalukana timaulusi toundanitsa magazi, ndipo maselo othamanga amaduka podutsa pamenepo. Pa chifukwa chomwecho mapulaketa, tizidutswa tothandiza kuti magazi aundane, amatha msanga. Zibenthu zikaposa chimodzi pa maselo 100 alionse, mapulaketa ali otsika, ndiye kuti wodwala ali pangozi ya maola, osati ya masabata.

Zimachitika kwa mwana amene wasiya kukodza atatsekula m'mimba mwa kamwazi, kwa wodwala amene tizilombo tafalikira m'magazi, kwa ena amene ali ndi kachilombo koyambitsa Edzi koma sali pa mankhwala, ndi kwa amayi oyembekezera.

Tiyerekeze mayi wa mimba ya masabata 34 wochokera cha ku Domwe. Mutu ukumuwawa, akumva ululu pansi pa nthiti za kumanja, ndipo kuthamanga kwa magazi kwafika pa 160/110. Malungo sanapezeke. Hemogulobina ili pa 8, pamene mayi woyembekezera ayenera kukhala ndi 11 kapena kuposa. Nambala imeneyi payokha ingachititse kuti apatsidwe sali ferozo n'kubwerera kumudzi. Koma mapulaketa ali pa 70,000, pomwe sayenera kutsika pansi pa 150,000. Pa lamina, tekiniko awerenga maselo 1,000 n'kupeza zibenthu 25, kutanthauza ziwiri ndi theka pa 100 alionse.

Zonsezi pamodzi zikulozera ku mtundu woopsa wa pereekilampusiya umene umaswa maselo ofiira, kuvulaza chiwindi ndi kutha mapulaketa. Mayiyu agonekedwe, alandire salufato ya magineziyo yoteteza kukomoka ndi mankhwala otsitsa kuthamanga kwa magazi, ndipo madokotala akonze zoti achire msanga, chifukwa vutoli limatha mwana ndi nsengwa zikatuluka. Akadakhala ndi hemogulobina ya 8 yomweyo, koma maselo aang'ono otuwa, makodosito ochepa, mapulaketa okwanira ndi kuthamanga kwa magazi kwabwino, sali ferozo akadakhala mankhwala oyenera.

Pamene lamina imanamiza

Galasi likachedwa kuuma, monga m'masiku a nkhungu ndi chisanu a Juni ndi Julaye m'mapiri a Angoniya, maselo abwinobwino amatha kuoneka ngati makodosito. Kunsonga kwenikweni kwa mchira maselo amaphwanthika n'kutaya potuwa paja, n'kumaoneka ngati obulungira. Tekiniko amazindikira chinyengochi chifukwa maselo oterewo amapezeka mbali imodzi yokha ya galasi, pamene a matenda enieni amabalalika paliponse pakati pa maselo abwino. Akakayika amapaka lamina ina ndi magazi atsopano.

Kusapezeka kwa zibenthu sikutanthauza kuti ngozi palibe, chifukwa tsiku loyamba zimatha kukhala zochepa. Magazi amene munthu walandira kumene nawonso amasokoneza chithunzi, n'chifukwa chake lamina imatengedwa thumba la magazi lisanaikidwe. Wodwala kapena womudikira auze dokotala ngati analandira magazi m'miyezi itatu yapitayi, mankhwala onse amene akumwa, ndiponso ngati mkodzo wasintha mtundu kukhala ngati tiyi wopanda mkaka.