Kalata yopempha kuti woyembekezera apumule ntchito ya usiku

Amayi ambiri apantchito amadziwa kuti pali tchuthi cha uchembere, koma vuto lenileni limakonda kubwera tchuthicho chisanafike. Mimba ili pa miyezi isanu ndi umodzi kapena iwiri, kusikelo anena kuti magazi akuthamanga kwambiri, kapena mayi wayamba kuona timadontho ta magazi, koma dzina lake likadali pa ndandanda wa ogwira usiku, kapena sabata yamawa akuyenera kukwera njinga yamoto kupita kumidzi. Apa mayi amafunika kupempha abwana, ndipo kapemphedwe kake ndi kamene kamachititsa kuti athandizidwe kapena abwezedwe.

Ife aphunzitsi a kumudzi timalembera anthu makalata ambiri, ndipo ya mtundu uwu ndalembapo kangapo. Imene ndifotokoze pano ndi ya msuweni wanga amene amathira mafuta pa malo ena omwetsera galimoto kuboma kwathu. Pamalopo amagwira mosinthana: masabata awiri masana, sabata yachitatu usiku, kuyambira 6 koloko madzulo mpaka 6 koloko mmawa. Mimba itakwana masabata 28, anamwino anamuyeza n'kupeza kuti magazi akuthamanga pa 148/96. Anamukhazika pansi, ndipo atamuyezanso patapita maola anayi anapeza 146/94. Kwa mayi woyembekezera, 140/90 kapena kuposa apo ndi chizindikiro chakuti zinthu sizili bwino, makamaka zikayamba mimba itadutsa masabata 20. Anamuyeza mkodzo, anamupatsa mankhwala otchedwa methilodopa, amene ambiri amawadziwa kuti alidometi, n'kumuuza kuti azibwera sabata iliyonse komanso azipumula.

Mawa lake iye anakauza kapitawo pakamwa kuti "adokotala ati ndizipumula". Kapitawo anayankha kuti aliyense amafuna kupumula, ndipo nkhani inathera pomwepo. Sindikunena kuti kapitawoyo anachita bwino, koma tiyeni tione zimene anamva. Mawu akuti "kupumula" sanamuuze kuti ndi ntchito iti imene mayiyo asiye, asiye mpaka liti, komanso adzaime pa pampu usiku ndani. Bwana amene sakudziwa kukula kwa chimene akupemphedwa amayamba wakana.

Choncho ntchito yoyamba inali yobwerera kuchipatala. Zimene anamwino amalemba m'kabuku ka sikelo n'zoti achipatala anzawo awerenge, abwana sangazimve, ndiponso m'kabukumo mumakhala zinsinsi zina, monga zotsatira za magazi, zimene abwana alibe nazo gawo. Chofunika ndi chikalata chapadera cholembedwa ndi dokotala wovomerezeka, chokhala ndi tsiku, saini ndi chidindo cha chipatala. Madokotala athu amakhala ndi mzere wautali panja, ndiye mukangonena kuti "ndilembereni kalata ya kuntchito" amalemba mzere umodzi wakuti mayiyu apatsidwe ntchito yopepuka. Mzere umenewo sukwanira, chifukwa bwana akhoza kunena kuti usiku galimoto zimachepa, ndiye ntchito yopepukayo ndi ya usiku yomweyo. Ndinamuuza msuweni wanga kuti akafotokoze kwa dokotala mmene amagwirira: maola 12, ataimirira, mlungu wathunthu osagona usiku. Dokotala atamva zimenezo analemba zinthu zitatu: kuti mayiyu ali ndi vuto lobwera ndi mimba limene likufuna kuonedwa sabata iliyonse, kuti asagwire ntchito ya usiku kapena kuimirira nthawi yaitali osakhala pansi, ndi kuti zimenezi zikhale choncho mpaka atachira. Dzina la matenda silinafunike kulembedwa. Mayi akhoza kulitchula yekha ngati afuna.

Pali chinthu china chimene ndimachenjeza aliyense amene ndikumulembera. Musalembe kuti ntchito ya usiku ndi imene yakudwalitsani. Vuto la kuthamanga kwa magazi limagwiranso amayi amene sanagwirepo shifiti ya usiku chibadwire, ndipo mukayamba ndi kuloza chala, bwana amayamba kudziteteza m'malo momva pempho. Chifukwa cholimba n'chakuti vutoli likhoza kukula mwadzidzidzi. Mutu waukulu wosamva mankhwala, kuona zinthu mwachimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja, kupweteka pansi pa nthiti za kumanja, kapena magazi kufika 160/110, zonsezi zimafuna kuti mayi afike kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa chotsatira chake chikhoza kukhala kukomoka ngati wa khunyu. Masana pamsewu pamakhala galimoto ndi akabaza, anzake ali pomwepo. Nanga 2 koloko usiku, atatsala awiri ndi mlonda, amunyamula ndani? Onjezani kuti mankhwala aja amagonetsa, makamaka masiku oyamba, pamene munthu akusunga ndalama za eni ake m'thumba.

Kwa amene ntchito yawo ndi ya maulendo, mfundo ndi yomweyo. Mayi amene auzidwa kuti nsengwa ili m'munsi, yatseka kapena yayandikira khomo la chiberekero, akhoza kutaya magazi ambiri popanda ululu uliwonse womuchenjeza. Funso loti dokotala ayankhe m'chikalata ndi lakuti mayiyu angatalikire bwanji ndi chipatala chimene chimachita opareshoni ndi kuika magazi, komanso ngati njinga yamoto m'misewu yafumbi ndi yololedwa. Kungolemba kuti "achepetse maulendo" kumasiya mpata woti mayi atumizidwebe kutali, kungoti kamodzi pa mwezi.

Titapeza chikalata, tinakhala pansi n'kuwerenga masabata. Msuweni wanga anafuna kuyamba tchuthi pa masabata 36. Kuchoka pa 28 kufika pa 36 ndi masabata asanu ndi atatu, ndipo poti usiku umamugwera sabata imodzi mwa atatu aliwonse, masabata a usiku otsala anali atatu basi. Iye mwini anadabwa, chifukwa mumtima ankaona ngati akupempha chinthu chachikulu zedi. Tisanalembe, anakalankhula ndi anzake awiri. Mmodzi anavomera kutenga masabata awiri a usiku, winayo sabata imodzi, ndipo iye anatenga masana awo pamodzi ndi Lamlungu lina limene onse amalithawa. Kalata yake inali yaifupi chonchi:

"Bwana, ndine woyembekezera ndipo mimba yakwana masabata 28. Dokotala wandipeza ndi vuto limene lafotokozedwa m'chikalata chimene ndaphatikiza pano, ndipo walangiza kuti ndisagwire ntchito ya usiku mpaka nditachira. Ndikupempha kuti mundichotse pa ndandanda wa usiku kuyambira Lolemba likudzali mpaka tsiku limene ndidzayambe tchuthi cha uchembere. Masabata a usiku amene akukhudzidwa ndi atatu. Anzanga awiri avomera kusinthana nane ngati inu mungalole, ndipo ine ndidzagwira masana awo. Ndikupemphanso mpando pafupi ndi pampu, ndi chilolezo chopita kusikelo Lachitatu lililonse mmawa. Ndingathokoze mutandiyankha polemba pasanafike Lachisanu."

Anasaina, anaika tsiku, ndipo tinajambulitsa makope awiri a kalata ndi a chikalata cha dokotala. Chikalata chenicheni anasunga yekha. Kalata anaipereka kwa manijala, amene ali ndi mphamvu yosintha ndandanda, kapitawo n'kumupatsa kope, ndipo anapempha mlembi wa mu ofesi kuti asaine pa kope lake kuti walandira tsiku lakuti. Ena amaona ngati kusainitsa n'kuderera abwana, koma ndi kabuku ka ngongole komwe ku golosale timasainirana popanda wokwiya.

Mwaona kuti m'kalatamo simunatchulidwe lamulo. Ndimachita dala. Kalata yoyamba ikhale pempho laulemu, lamulo lidikire pamene bwana wakana. Koma mayi azilidziwa asanalowe mu ofesi. Lamulo la ntchito la dziko lino la 2000 limapatsa mayi tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera asanu ndi atatu pa zaka zitatu zilizonse, akulandira malipiro onse. Limanenanso kuti mayi akadwala chifukwa cha mimba kapena kubereka, dokotala n'kutsimikiza, bwana amuwonjezere tchuthi, ngakhale kuti kutalika kwake lamulo linasiyira bwanayo. Kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha mimba ndi mlandu. Mu 2021 aphungu anawonjezera zina m'lamuloli, zokhudza kusintha kapena kuchepetsa maola a mayi woyembekezera ndi woyamwitsa popanda kumudula malipiro, komanso kumupezera kagwiridwe kena ngati ntchito yake ikuika pachiswe moyo wake kapena wa mwana. Apa mpamene chikalata cha dokotala chimagwira ntchito kwambiri, chifukwa ndicho umboni wakuti chiswecho chilipo.

Yankho loyamba la manijala linali limene ndimaliopa nthawi zonse: "Ngati mukudwala, ingoyambani tchuthi chanu cha uchembere panopa." Likumveka lachifundo, koma tawerengani. Masabata asanu ndi atatu oyambira pa 28 amatha pa 36, mwana asanabadwe n'komwe. Mayi akanabwerera kuntchito mimba ili pafupi kuchira, kapena akanakhala kunyumba ndi khanda popanda malipiro. Ngakhale kuyamba pa 36 kumene iye anasankha kumadya masabata anayi, n'kutsala anayi okha a khanda, ndipo ndinamuuza kuti aganize zophatikiza masiku ake a tchuthi cha pachaka. Msuweni wanga anayankha kuti dokotala sanamuletse ntchito, wamuletsa usiku, ndipo masana ali wokonzeka kugwira. Akanakhala kuti dokotala walamula kugona kunyumba kapena kuchipatala, chopempha chikanakhala tchuthi cha matenda: amene wagwira chaka chathunthu ali ndi masabata anayi a malipiro onse ndi asanu ndi atatu a theka la malipiro pa chaka, akaonetsa chikalata.

Misampha ina ndi iwiri. Wina ndi kungojomba usiku umene mwaikidwa chifukwa choti kalata munapereka kale. Yankho likachedwa, kumbutsani polemba, ndipo ngati thupi lakana tsiku limenelo pitani kuchipatala mukatenge chikalata cha tsikulo, kuti pasapezeke ponena kuti munathawa ntchito. Wina ndi kusaina pepala lakuti mwasiya ntchito mwakufuna kwanu pokhulupirira lonjezo lakuti "mudzabweranso mukachira". Mukasaina, kudandaula kuti munachotsedwa chifukwa cha mimba kumavuta kwambiri. Bwana akakanitsitsa, tengani makope anu mupite ku ofesi ya zantchito ya kuboma kwanu, kumene amaitana mbali zonse ziwiri, ndipo zikakanika nkhani imapita ku khoti loona za ntchito. Njira imeneyi imatenga nthawi pamene mimba siidikira, ndiye pitani sabata yomweyo imene mwakanidwa.

Kwa msuweni wanga sizinafike kumeneko. Lachinayi manijala analemba pansi pa kalata yomweyo kuti wavomera kusinthanako, ndipo mpando unabwera, wapulasitiki wochokera mu ofesi. Za Lachitatu anavomera pokhapokha azifika pantchito isanakwane 11 koloko, zimene pa mzere wa kusikelo zinatanthauza kudzuka 5 koloko kukagwira malo. Pa masabata 34 mkodzo unayamba kuonetsa zimene achipatala ankaopa ndipo anamugoneka, ndiye tinalembanso kalata ina, ya mizere inayi, yopempha tchuthi cha matenda.