Ndalama Zikafika Zoperewera: Kulembera Kasitomala Banki Ikadulapo Zake

Munthu wogulitsa katundu kapena wogwirira ntchito makasitomala a kunja amakumana kawirikawiri ndi vuto la ndalama zofika zoperewera. Invoyisi inanena madola 800, kasitomala akuti walipira madola 800, koma mu akaunti mwalowa madola 765. Nthawi zambiri palibe amene waba kapena wanama. Ndalamazo zadulidwa panjira ndi mabanki amene zinadutsamo. Kalata yopempha zotsalazo imatheka bwino ngati wolemba wayamba wadziwa kumene ndalamazo zathera, amene anayenera kulipira ndalama zotumizirazo, komanso njira imene zotsalazo zingafikire popanda kudulidwanso.

Ndalama zochoka dziko lina kupita dziko lina kudzera m'mabanki zimayenda ndi uthenga wa SWIFT, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1973 ndipo likulu lake lili ku Belgium. SWIFT sinyamula ndalama. Imangonyamula malangizo ochoka ku banki ina kupita ku ina. Ngati banki ya wotumiza ndi banki ya wolandira zilibe akaunti pakati pawo, malipirowo amadutsa mu banki yachitatu, mwinanso yachinayi, imene imakhala ngati mkhalapakati. Malipiro a madola a ku America amadutsa kawirikawiri mu banki ya ku New York, ngakhale wotumiza ali ku London ndipo wolandira ali ku Blantyre. Banki iliyonse yapanjira ili ndi mtengo wake pa ntchito imeneyi.

Amene alipire mitengoyi amasankhidwa pa fomu imene wotumiza amadzaza, ndipo pali zilembo zitatu zosankhapo. OUR ikutanthauza kuti wotumiza walonjeza kulipira zonse, kuti wolandira apeze ndalama zathunthu. SHA ikutanthauza kuti agawana: wotumiza amalipira banki yake yokha, ndipo zimene mabanki apanjira ndi banki ya wolandira angafune zimadulidwa pa ndalama zotumizidwazo. BEN ikutanthauza kuti wolandira ndiye asenze zonse, kuphatikizapo mtengo wa banki ya wotumiza. Mu mauthenga atsopano a ISO 20022 zisankho zomwezi zimalembedwa DEBT, SHAR ndi CRED. Mabanki ambiri amaika SHA ngati chisankho chokhazikika, kotero kasitomala amene sanayang'anitsitse fomu amakhulupirira ndi mtima wonse kuti walipira zonse, chifukwa pa sitetimenti yake pachokadi madola 800 pamodzi ndi mtengo wa banki yake.

Asanalembe chilichonse, wolandira ayenera kutsimikiza kuti choyambitsa ndi mabanki, chifukwa pali zinthu zina ziwiri zimene zimachepetsanso ndalama. Choyamba ndi kusintha ndalama. Ngati madola alowa mu akaunti ya makwacha, banki imawasintha pa mtengo wake wogulira, umene umakhala wotsika poyerekeza ndi wogulitsira, ndipo kusiyana kumeneku si ngongole ya kasitomala. Chachiwiri ndi msonkho umene kampani yolipira imakakamizidwa ndi lamulo la dziko lake kudula isanalipire. Zizindikiro zake n'zosiyana. Msonkho umadulidwa molingana ndi kukula kwa invoyisi, mwachitsanzo madola 10 pa madola 100 alionse, ndipo umabwera ndi chikalata chake. Mabanki apanjira amadula kawirikawiri ndalama yoikika imene sisintha kwambiri, kaya invoyisi ndi yaikulu kaya yaing'ono.

Umboni wake umapezeka m'mapepala awiri. Loyamba ndi chidziwitso chimene banki ya wolandira imapereka pa ndalama zolowa, chosonyeza zimene zinafika ku bankiyo ndi zimene iyo yadula. Lachiwiri ndi kope la uthenga wa malipiro, limene anthu a ku banki amalitchula kuti MT103, ndipo wotumiza akhoza kulipempha ku banki yake. Pa pepalali, mzere wa 33B umasonyeza ndalama zimene wotumiza analamula, mzere wa 32A umasonyeza zimene zinaperekedwa ku banki yotsatira, ndipo mzere wa 71A umasonyeza ngati anasankha OUR, SHA kapena BEN.

Chitsanzo chingathandize. Telala wa ku Blantyre wasoka zikwama za chitenje ndi kuzitumiza kwa mayi wa ku Malawi konkuno amene ali ndi sitolo ku London. Invoyisi ndi ya madola 800. Pepala la MT103 likusonyeza kuti mayiyo analamula madola 800 ndipo pa 71A palembedwa SHA. Chidziwitso cha banki ya telala chikusonyeza kuti kunafika madola 775, bankiyo inadulapo madola 10, ndipo mu akaunti munalowa madola 765. Apa zoperewera za madola 35 zagawika pawiri: madola 25 anatsala kwa banki yapanjira, madola 10 anatengedwa ndi banki ya telala mwini.

Kugawa kumeneku ndiko kumatsogolera zoyenera kupempha. Ngati pa mgwirizano kapena pa invoyisi panalembedwa kuti wogula ndiye alipire zonse za banki, telala ali ndi poimira pamene akupempha madola 35 onse. Ngati sipanalembedwe kanthu, pempho lolimba ndi la madola 25 okha. Chifukwa chake n'chakuti wogula ali ndi udindo wofikitsa ndalama zonse ku banki ya wogulitsa, ndipo ndiye anasankha njira yotumizira. Mfundo za UNIDROIT zokhudza mapangano a malonda a pakati pa mayiko zimanenanso kuti aliyense asenze yekha mtengo wokwaniritsira udindo wake. Koma madola 10 amene banki ya telala yadula amachokera pa pangano la telalayo ndi banki yake, limene kasitomala alibe nalo mbali, choncho kuwaika pa mutu wa kasitomala popanda mgwirizano kumafooketsa pempho lonse.

Kalatayo ikhale yaifupi, ndipo itumizidwe m'masiku ochepa ndalama zitangolowa, kasitomala asanatseke invoyisiyo m'mabuku ake. Iyambe ndi kuthokoza ndi kuvomereza zimene zalandiridwa, chifukwa kasitomala wachitadi mbali yake yaikulu. Kenako itchule manambala: nambala ya invoyisi, ndalama zimene zinalembedwa, zimene zafika, tsiku limene zafika ndi zimene zatsala. Ifotokoze choyambitsa mosaloza chala, ndipo ithere pa pempho limodzi lomveka bwino. Telala uja akhoza kulemba motere:

"Mayi, ndakulonjerani. Zikomo kwambiri chifukwa cha ndalama za invoyisi nambala 14 zimene munatumiza. Invoyisiyi inali ya madola 800, koma ku banki yanga kunafika madola 775 pa 6 Meyi, monga mukuonera pa pepala limene ndaphatikiza. Ndikudziwa kuti inu munatumiza ndalama zonse. Madola 25 aperewera chifukwa malipirowa anatumizidwa pa SHA, ndiye banki yapanjira inadulapo zake. Zimene banki yanga yadula pamwamba pa izi ndasenza ndekha. Ndikupempha kuti madola 25 amenewa ndiwaphatikize pa invoyisi ya mwezi wamawa, kuti musalipirenso banki kachiwiri chifukwa cha ndalama zochepa chonchi. Potumiza ulendo wina, chonde musankhe OUR. Mundiuze ngati mwagwirizana nazo pofika Lachisanu."

Chiganizo chakuti "ndikudziwa kuti inu munatumiza ndalama zonse" chili ndi ntchito yaikulu. Kalata imene imayamba ndi mawu akuti simunamalize kulipira imamveka ngati mlandu, ndipo kasitomala amayankha potumiza risiti yake yosonyeza madola 800, mkangano n'kuyambira pamenepo. Kalata imene yavomereza kale mfundo imeneyi imasiya nkhani imodzi yokha yokambirana, imene ndi madola 25. Mofananamo, kupepesa mobwerezabwereza kapena kulemba kuti ngati n'kotheka kumachititsa kasitomala kuona ngati akupemphedwa mphatso, pamene ili ndi gawo la mtengo umene anagwirizana. Ulemu wa kalata uli m'malonje ndi m'kuthokoza. Manambala alembedwe mosapita m'mbali.

Njira yolipirira zotsalazo ndi pamene ambiri amalakwitsa. Madola 25 akatumizidwa paokha kudzera pa SWIFT ndi SHA, banki yapanjira ikhoza kudulanso ndalama yofanana ndi yoyamba ija, moti wolandira sapeza kanthu, kasitomala ataluzanso mtengo wa banki yake. N'chifukwa chake kuphatikiza pa invoyisi yotsatira ndi njira yabwino ngati malonda akupitirira. Pa invoyisi yatsopanoyo ndalamazo zilembedwe pa mzere wakewake, monga zotsala za invoyisi nambala 14, kuti wowerengera ndalama wa kasitomala asazione ngati mtengo wakwera. Ngati malonda anali a kamodzi kokha, wolemba apemphe kuti zotsalazo zitumizidwe pa OUR kapena kudzera ku kampani yovomerezeka yotumiza ndalama imene imasonyezeratu zimene wolandira adzapeze.

Kasitomala akhoza kuyankha m'njira zingapo. Akavomera, wolandira asunge yankholo pamodzi ndi invoyisi. Akanena kuti anasankha OUR, ndipo MT103 ikutsimikiza zimenezo, nkhani imachoka kwa iye n'kupita ku banki yake, chifukwa zimachitika nthawi zina kuti banki yapanjira imadula ndithu ngakhale palembedwa OUR, makamaka pa malipiro a madola. Pamenepo kasitomala apemphedwe kuti banki yake ifufuze pogwiritsa ntchito nambala ya UETR, imene malipiro alionse a SWIFT amakhala nayo ndipo imathandiza kuona mmene ndalama zinayendera. Akakana ponena kuti kampani yake imalipira pa SHA nthawi zonse, ndipo mgwirizano sunanene kanthu, wolandira ayese kukula kwa ndalamazo ndi phindu la ubalewo. Akasankha kuzisiya, alembe m'mabuku ake kuti ndi ndalama zolipira banki, atseke invoyisiyo, ndipo auze kasitomala kuti wazisiya ulendo uno wokha. Akapanda kuyankha, kalata yachiwiri yaifupi itumizidwe pakatha sabata imodzi kapena awiri, yobwereza manambala omwewo.

Kuti vutoli lisabwerenso, mfundo ya mitengo ya banki ilembedwe pa mtengo woyamba umene kasitomala amapatsidwa, ntchito isanayambe, ndipo ibwerezedwe pa invoyisi pafupi ndi nambala ya akaunti: ndalama zonse za pa invoyisi zifike ku banki ya wogulitsa, wotumiza asankhe OUR. Kwa makasitomala amene sangathe kapena safuna kusankha OUR, wogulitsa akhoza kuikiratu pa invoyisi mzere wa mtengo wa banki, potengera zimene zinadulidwa pa malipiro apitawo, kapena kugwirizana nawo kuti azilipira mainvoyisi angapo pakamodzi kuti mabanki adule kamodzi kokha.