Atsala masiku angati? Kalembedwe ka mauthenga odikira Ramadani

Mwezi wa Shabani ukafika pakati, mafoni a Asilamu ku Mangochi, ku Limbe ngakhale ku Joni amayamba kudzaza ndi timakanema tating'onoting'ono. Pamwamba pamakhala nambala ya masiku otsala, kenako chikumbutso chimodzi, duwa yaifupi, ndi mawu otsekera pansi pa chithunzi. Amakonza ndi achinyamata a m'mizikiti, aphunzitsi a ku madrasa ndi owulutsa mawu, ndipo ambiri amagwira ntchitoyi mwaulere. Koma wolemba mauthenga amenewa amakumana ndi vuto lomwe wowerenga masiku a ukwati kapena a mayeso salidziwa: tsiku lomwe akuliwerengeralo palibe amene amalidziwa motsimikiza mpaka usiku womaliza.

Chifukwa chake ndi mwezi wa kumwamba. Mwezi uliwonse wa Chisilamu umakhala ndi masiku 29 kapena 30, ndipo kuti Shabani watha zimadziwika madzulo a pa 29, anthu akayang'ana kumadzulo dzuwa litangolowa. Kamwezi kakaoneka, mawa lake ndi 1 Ramadani. Kakapanda kuoneka, Shabani amakwanitsa masiku 30. Mu 2025 Asilamu a ku Saudi Arabia adayamba kusala pa 1 Malichi pomwe a m'maiko ena, monga Pakistan ndi India, adayamba pa 2. Komanso chaka cha mwezi chili ndi masiku pafupifupi 354, kotero Ramadani amabwera msanga ndi masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse. Amene angotenga zithunzi za chaka chatha n'kusintha nambala ya chaka yokha, wasokoneza anthu.

Choncho wolemba wosamala amawerengera pa kalendala ya Chisilamu, ndipo amalemba nambala ziwiri. Ngati ayamba pa 20 Shabani, uthenga woyamba umati atsala masiku 10 kapena 11. Pa 28 atsala 2 kapena 3. Pa 29 latsala limodzi kapena awiri. Mauthenga amakwana 10, koma amakonzeratu wa 11 wosungira pa 30 Shabani, wouza anthu kuti mwezi sunaoneke, ayembekeze. Wa tsiku limenelo ndi wofunika zedi, chifukwa Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, adaletsa kusala tsiku limodzi kapena awiri Ramadani asanalowe pofuna kungotchinjiriza. Munthu wosadziwa amasala pa 30 poganiza kuti akuchita bwino, ndiye apa uthenga wa mizere iwiri umamuwongola.

Chikumbutso cha tsiku ndi tsiku ndi pomwe ambiri amataya mwayi. Masiku onse 10 amangobwereza kuti mwezi wa madalitso wayandikira, tikonzeke. Kukonzeka kwake kotani? Wolemba wodziwa amasanja nkhani potengera nthawi yomwe chinthu chimafuna kuti chichitike. Zofuna masiku ambiri zimatsogola, za usiku womaliza zimatsalira.

Chotsogola kwambiri ndi ngongole ya masiku. Mayi amene sadasale masiku 7 a Ramadani yapita chifukwa cha kumwezi, kapena bambo amene adamasula ali pa ulendo, ayenera kubweza masikuwo Ramadani ina isanalowe. Akamva chikumbutsochi pa 27 Shabani, nthawi yamuthera kale. Akamva pa 20, masiku 7 aja akwana bwinobwino. N'chifukwa chake uthenga woyamba ungalembedwe motere.

Pa chithunzi: "20 Shabani. Atsala masiku 10 kapena 11, inshallah."

Chikumbutso: "Asalamu alaikumu. Kodi muli ndi masiku a Ramadani yapita omwe simunabweze? Awerengeni lero, muyambe mawa. Sikofunika kuwasala mondondozana, koma nthawi yatsala pang'ono."

Duwa: "Ambuye Allah, tipeputsireni ngongole ya swaumu yomwe tili nayo, mutipatse mphamvu yoibweza, ndipo mutifikitse ku Ramadani tili ndi moyo. Amina."

Mawu otsekera: "Muli ndi masiku angati otsala? Tumizirani m'bale wanu amene angafune chikumbutsochi. Mawa tikamba za odwala."

Zonsezi sizifika mphindi imodzi powerenga mofatsa, ndipo njira yodziwira ndi yosavuta: wolemba awerenge mokweza ali ndi wotchi m'manja. Mawu a Chichewa ndi aatali, ndime yooneka yaifupi pa pepala imadya nthawi pakamwa. Kanema wautali amadyanso bandulo ya anthu, ndipo wa kumudzi sangautsegule.

Tsiku lachiwiri ndi la odwala matenda a shuga, a kuthamanga kwa magazi, ndi onse omwa mankhwala pa nthawi yoikika. Uthenga usawauze kuti asale kapena asasale. Uwauze kuti akaonane ndi dokotala sabata yomweyo, kenako akafunse ashehe, popeza nkhalamba ndi odwala matenda osachizika ali ndi chilolezo chopereka fidiya, kudyetsa wosauka mmodzi pa tsiku lililonse lomwe sanasale. Nkhani ya amayi oyembekezera ndi oyamwitsa maulama amasiyana nayo maganizo, ndipo simaphera m'masekondi 40. Imeneyo uthenga ungoitchula n'kuloza kwa ashehe. Zinazo, monga kugawa Kurani m'zigawo zake 30, kugwirizana ndi abale okangana nawo, ndi kukonzekera daku ndi futari, zimalowa pakati mosavuta.

Pa duwa pali malire omwe sayenera kudumphidwa. Munthu ali ndi ufulu wopempha Mulungu m'chilankhulo chake ndi mawu ake, monga duwa ili pamwambayi. Choletsedwa ndi kuika mawu m'kamwa mwa Mtumiki. Chaka chilichonse pa WhatsApp pamazungulira uthenga wonena kuti woyamba kuuza anzake za kubwera kwa Ramadani sadzalowa kumoto, ndipo amautcha hadisi. Akatswiri a hadisi amati mawuwo alibe maziko. Ngakhale duwa yotchuka yopempha madalitso a Rajabu ndi Shabani, ambiri mwa akatswiriwo amati unyolo wa owulandira ndi wofooka. Chizindikiro cha uthenga wokayikitsa sichivuta kuona: umalonjeza malipiro aakulu pa kungotumiza, ndipo sutchula buku lomwe wachokera. Zimapweteka mtima kuona wachinyamata wa cholinga chabwino akufalitsa bodza m'dzina la Mtumiki chifukwa chofuna kuti kanema wake ayende. Mauthenga onse 11 adutse kaye m'manja mwa ashehe asanajambulidwe, ndipo ngati muli zilembo za Chiarabu, wodziwa kuwerenga ayang'ane chithunzi chomaliza, chifukwa mapulogalamu ena amazitembenuza kapena kuzilekanitsa.

Mawu otsekera ntchito yawo ndi yochepa: funso limodzi kapena pempho limodzi, ndi zomwe zikubwera mawa. Kuopseza anthu kuti atumize kwa anzawo 10 kulibe malo pamenepa. Wolemba nthawi ya daku kapena ya futari atchule dera, poti dzuwa limalowa ku Mangochi pafupifupi mphindi 10 lisanalowe ku Mchinji.

Uthenga wa pa 29 Shabani ndi wosiyana ndi onse. Tsiku la Chisilamu limayamba dzuwa likalowa, kotero mwezi ukaoneka, swala ya tarawehe imayamba usiku womwewo ikatha isha, ndipo m'bandakucha anthu amadzukira daku. Uthengawo utuluke masana, uuze anthu kuti akhale okonzeka mbali zonse ziwiri, ndipo unene poyera amene akudikira kuti alengeze, kaya ndi bungwe la Asilamu la MAM kapena atsogoleri a mzikiti wawo. Kanema wa "Ramadani yalowa" akhale wokonzeka m'foni, koma asatumizidwe chilengezocho chisanamveke.