Zomwe a inshuwalansi angafunse kuchipatala, ndi zomwe siginecha yanu imaloleza

Pansi pa fomu ya inshuwalansi ya chipatala kapena ya moyo pamakhala ndime ya zilembo zing'onozing'ono, yomwe ambiri timasayina osawerenga chifukwa mzere ndi wautali kapena wodwala akubuula pabenchi. Ndimeyo ndi imene imapatsa dokotala chilolezo chouza kampani za thupi lanu. Popanda iyo, kampani ya inshuwalansi ndi mlendo ngati wina aliyense. Kulipira bilu sikuipatsa ufulu wosanthula fayilo ya wodwala.

Maziko ake ali m'malamulo. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limapatsa munthu aliyense ufulu wosungiridwa chinsinsi. Lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu la 2024, lomwe bungwe la MACRA linapatsidwa udindo woliyang'anira, limaika nkhani za umoyo m'gulu la zinthu zofuna chitetezo chapadera. Palinso lamulo la HIV ndi Edzi la 2018, lomwe limaletsa wachipatala kuulula zotsatira za magazi a munthu popanda chilolezo chake, kupatula m'njira zochepa zomwe lamulolo latchula. Dokotala angathe kuulula za wodwala popanda kumufunsa ngati khoti lalamula, kapena pa matenda ofalikira monga kolera omwe boma liyenera kudziwitsidwa. Chidwi cha kampani sichili m'gulu limenelo.

Tiyerekeze mphunzitsi wina yemwe ali pa sikimu ya chipatala, wadwala m'mimba usiku, ndipo madokotala apeza kuti apendikisi yatupa, ayenera kuichotsa. Chipatala chisanachite opaleshoni, kapena m'mawa mwake ngati zinali zadzidzidzi, chimapempha a sikimu kuti avomereze kulipira. Apa kampani ili ndi chifukwa chomveka chofunira kudziwa dzina ndi nambala ya membala, tsiku lomwe wagonekedwa, matenda omwe apezeka, opaleshoni yomwe achite, masiku omwe akhale m'chipatala ndi mtengo wake. Akatuluka, kampani imalandira bilu yofotokoza chimodzichimodzi: bedi, mankhwala, zoyeza magazi, malipiro a dokotala. M'zipatala zambiri dzina la matenda limalembedwa ndi nambala za ICD-10, zomwe bungwe loona za umoyo padziko lonse linakonza. Apendikisi yotupa mwadzidzidzi ndi K35.

Zonsezi zikukhudza bilu ya tsikulo, ndipo palibe cholakwika. Koma m'fayilo ya mphunzitsiyu mulinso zina: anapitapo padera zaka zingapo zapitazo, ndipo anaonanapo ndi dokotala wa matenda a maganizo mwamuna wake atamwalira. Zimenezi sizikusintha mtengo wa opaleshoni ya apendikisi ngakhale ndi tambala imodzi. Kalaliki amene angajambule fayilo yonse n'kutumiza, poti kutero n'kosavuta kusiyana ndi kusankha masamba, waulula zomwe sanaloledwe. Chipatala chosamala chimalemba lipoti loyankha mafunso omwe afunsidwa, basi.

Kuno kwathu tili ndi msampha wina, kabuku ka kuchipatala komwe timasunga tokha kunyumba. M'menemo madokotala amalembamo chilichonse motsatana, malungo a chaka chatha ndi mankhwala omwe munthu amamwa tsiku ndi tsiku, nthawi zina patsamba limodzi. Wothandizira wa kampani akanena kuti "mungobweretsa kabuku tijambule", ndipo inu n'kupereka ndi dzanja lanu, palibe chipatala chomwe chaphwanya chinsinsi. Mwapereka nokha zonse. Ndi bwino kufunsa tsiku ndi matenda omwe akufuna umboni wake, kenako n'kupempha kalata ya dokotala ya zimenezo zokha. Bilu nayo imayankhula. Ngakhale dzina la matenda litabisidwa, dzina la mankhwala limaulula, ndipo m'masikimu ambiri ndondomeko ya ndalama zomwe zagwiritsidwa ntchito imapita kwa mwini sikimu, yemwe akhoza kukhala mwamuna wanu kapena kholo lanu. Abwana omwe amakulipirirani sikimu alibe gawo pa dzina la matenda anu.

Inshuwalansi ya moyo ndi ina. Apa kampani sikulipira bilu ya dzulo koma ikuyeza chiopsezo cha zaka zambiri zam'tsogolo, choncho mafunso ake amakula: shuga, kuthamanga kwa magazi, kusuta, opaleshoni zakale. Ikhoza kupempha lipoti kwa dokotala wanu kapena kukutumizani kukayezedwa, zonse mutavomera. Ndipo pano mpofunika kunena mosapsatira: ufulu wa chinsinsi si chilolezo chonama. Mgwirizano wa inshuwalansi umadalira kuti wogula anene zoona pa zomwe wafunsidwa. Bambo amene wakhala akumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi n'kulemba pafomu kuti alibe matenda, akamwalira ndi sitiroko patangopita miyezi yochepa, kampani idzafunsa kuchipatala kuti matendawo anapezeka liti. Kawirikawiri ndime yomwe anasayina ali moyo imaloleza kufunsa ngakhale atamwalira. Ikapeza kuti ankadziwa, ikhoza kukana kulipira, ndipo ovutika ndi ana amasiye. Akananena zoona mwina akanangolipira ndalama yokwererapo pamwezi.

Nanga chilolezo chenicheni chimaoneka bwanji? Chimanena kampani yomwe ilandire, chipatala chomwe chipereke, nkhani yomwe ikufunidwa, chifukwa chake, ndi nthawi yomwe chigwire ntchito. Wosayina ayenera kukhala atamvetsa, zomwe n'zokayikitsa pamene fomu ili m'Chingerezi chokhachokha ndipo palibe amene wamumasulira. Ndime yonena kuti dokotala aliyense apereke chilichonse nthawi ina iliyonse ndi yotakata mopitirira, ndipo palibe cholakwika kufunsa kuti aichepetse. Kwa mwana wamng'ono amasayina ndi kholo kapena womulera. Chipatala nacho chiyenera kuona chilolezocho ndi maso, osati kungokhulupirira mawu a pafoni akuti wodwala anavomera kale.

Mungathe kukana, ndipo mungathe kubweza chilolezo mutapereka kale. Koma dziwani mtengo wake. Kampani siingakakamize chipatala, komabe ikhoza kunena kuti siingalipire zomwe sinathe kutsimikiza, kapena kukana kukugulitsani inshuwalansiyo. Kubweza chilolezo kumatseka za m'tsogolo, zomwe zatumizidwa kale sizibwerera.

Abale athu okhala ku Britain ali ndi chida chomwe ndimasirira. Lamulo lawo la 1988 lokhudza malipoti a madokotala limati kampani iyenera kumuuza munthu kuti ali ndi ufulu woona lipoti lisanatumizidwe. Akasankha kutero, dokotala amadikira masiku 21 kuti munthuyo akonze zoliona. Akapeza cholakwika amapempha kuti chikonzedwe, dokotala akakana amaphatikizapo mawu ake otsutsa, kapena kuletsa kuti lisapite n'komwe. Dokotala amasunganso kope lake miyezi 6. Ubwino wake ndi woonekeratu: mafayilo amakhala ndi zolakwika, ndipo matenda omwe dokotala ankangowaganizira amatha kulembedwa ngati otsimikizika. Ngakhale kuno, palibe choletsa kupempha dokotala wanu kuti akuwerengereni lipoti asanalisindikize chidindo.

Zikalakwika, madandaulo ali ndi makomo osiyana. Wachipatala akaulula zomwe simunaloleze, yambani ndi akuluakulu a chipatalacho, kenako khonsolo yomwe imalembetsa ndi kulanga madokotala m'dziko muno. Kampani ya inshuwalansi ikakana kulipira mosayenera, nkhaniyo imapita kwa woyang'anira mabungwe a zachuma ku banki yaikulu ya dziko. M'malo onsewa adzakufunsani kope la fomu yomwe munasayina, choncho ijambuleni ndi foni musanaibweze pawindo.